Wina akuti ndife 33, wina akuti 6: kodi talakwitsa pati powerengera masiku athu obadwa?

Nachisale: Madzulo abwino nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ine ndinabadwa pa 18 Febuluwale 1989, ndipo abambo amene tikukonzekera chinkhoswe anabadwa pa 9 Ogasiti 1985. Mayi wina wowerenga manambala, yemwe ndinamulipira ndithu, anatiuza kuti nambala yanga ya moyo ndi 11, ya abambowa ndi 22, ndiye tikaphatikizana timapanga 33. Anati zoterezi siziwonekawoneka, manambala aakulu onse atatu kupezeka m'nyumba imodzi. Ndinasangalala mpaka ndinakawauza amayi anga. Koma dzana mlamu wanga analowetsa masiku omwewo mu apu ya pafoni, ndipo zinatuluka kuti ine ndi 2, abambowa ndi 22. Nditakhala pansi ndekha ndi cholembera ndinapeza 11 ndi 4. Mayankho atatu pa masiku awiri omwewo! Amene mumazitsata, ndithandizeni, walakwitsa ndani?

Mai a Tadala: Achemwali, za pafonizo musamazikhulupirire kwambiri. Munthu amene wazichita zaka zambiri sangafanane ndi apu. Ngati anati 33 ndiye kuti ndi 33 basi. Zabwino zonse pa chinkhoswecho.

Bambo Mbewe: Tiyeni tisathamange, Mai a Tadala. Masiku tili nawo, ndiye tiwerengere pano aliyense akuona. Ine zimenezi ndakhala ndikuziwerenga kwa zaka zingapo, ndipo vuto la a Nachisale ndi lodziwika kwambiri pakati pa okonda nyumeroloji. Njira zotsitsira tsiku lobadwa zilipo zitatu zomwe anthu amagwiritsa ntchito kawirikawiri.

Yoyamba ndi yomwe mwachita inuyo ndi cholembera, yongoyala manambala onse mopingasa n'kuwaphatikiza limodzilimodzi. Tsiku lanu: 1+8+0+2+1+9+8+9, zikukwana 38. Ndiye 3+8 ndi 11. Pamenepo mumaima, chifukwa lamulo lawo limati 11, 22 ndi 33 satsitsidwanso. La abambowo: 9+8+1+9+8+5, zikukwana 40, ndipo 4+0 ndi 4. Choncho 11 ndi 4 yanu ija simunalakwitse.

Yachiwiri ndi ya magawo atatu. Mumayamba mwatsitsa tsiku palokha, mwezi pawokha, chaka pachokha, kenaka n'kuphatikiza zotsalazo. Kwa inu, 18 imasanduka 9, Febuluwale ndi 2, ndipo 1989 imakwana 27 yomwe imatsikira pa 9. Ndiye 9+2+9 ndi 20, kutsika pa 2. Apa 11 simwadutsapo n'komwe. Kwa abambowo, tsiku ndi 9, Ogasiti ndi 8, 1985 imakwana 23 yomwe imatsikira pa 5. Ndiye 9+8+5 ndi 22. Imeneyi ndiyo njira yomwe ili mu apu ya alamu anu, nayonso sinalakwitse.

Nachisale: Eee! Ndiye kuti mwa njira imodzi wamkulu ndine, mwa njira inayo wamkulu ndi iwowo?

Bambo Mbewe: Ndi momwemo. Yachitatu ndi yosanjikiza ngati samu ya kusukulu: tsiku, mwezi ndi chaka zonse zathunthu. Inu 18+2+1989 ndi 2009, ndipo 2+0+0+9 ndi 11. Abambowo 9+8+1985 ndi 2002, kutanthauza 4. Ikugwirizana ndi yoyamba ija.

Tsopano onetsetsani apa. Palibe njira ngakhale imodzi mwa zitatuzi yomwe ikupereka 11 kwa inu ndi 22 kwa abambowo nthawi imodzi. Kuti munthu apeze zimenezo ayenera kuti wawerengera tsiku lanu mopingasa, la abambowo m'magawo atatu. Ndipo 33 ija ikuchokera pomwepo, 11+22. Mukagwira njira imodzi kwa nonse awiri, yoyamba ikupereka 11+4, ndi 15, kutsika pa 6. Yachiwiri ikupereka 2+22, ndi 24, kutsikanso pa 6. Pa 33 simufikapo.

Mai a Tadala: Koma ine ndinamva kuti nambala yaikulu ikangotuluka mwa njira iliyonse ndiye kuti munthuyo ali nayo. Sikuti ikhoza kutuluka mwangozi ayi. Ngati mayi aja anayesa njira zonse n'kutenga pomwe yaonekera, cholakwika n'chiyani?

Bambo Mbewe: Alipo ndithu amene amaphunzitsa choncho, sindingakane. Enanso amanena zosiyana nazo, amati nambala yaikulu yeniyeni ndi yomwe yatuluka m'njira ziwiri kapena zonse zitatu. Vuto langa ndi lakuti mukalola kusankha njira potengera yankho lomwe mwalikonda, ndiye kuti mwayamba ndi yankho, samu ikubwera pambuyo. Komanso mayi aja anayenera kuwauza a Nachisale kuti ndasakaniza njira ziwiri. Munthu walipira ndalama, ayenera kudziwa momwe nambala yake yapezekera.

Mphunzitsi Kalua: Ndiloleni ndiikepo mawu ngati munthu wophunzitsa masamu ku sekondale. Za matanthauzo a manambala ine sindizikhulupirira, ndinene poyera kuti musandimve molakwa, koma samu yake ndi yokoma ndipo ikuyankha funso la mayiwa.

Mukaphatikiza manambala a m'kati mwa nambala ina, chomwe mukuchita ndi kuchotsamo ma 9. Tengani 38. Mukati 3+8 mwapeza 11, ndiye kuti mwachotsa 27, omwe ndi ma 9 atatu. Mukati 1+1 mwapeza 2, mwachotsanso 9 wina. Zimatero chifukwa 10 aliyense ndi 9 ndi kamodzi pamwamba, ndiye mukawerenga 30 ngati 3 mwataya ma 9 atatu n'kusunga timodzitimodzi titatu. Tsono kaya muchotse ma 9 amenewa koyambirira, kaya pakati, kaya kumapeto, chotsala chake sichisintha. N'chifukwa chake 2, 11, 20, 29 ndi 38 ndi ana a nyumba imodzi, onse amathera pa 2. Chimodzimodzi 4, 13, 22, 31 ndi 40 amathera pa 4. Nawonso 6, 15, 24, 33 ndi 42 amathera pa 6.

Ndiye mayi, inu muli m'nyumba ya 2, abambowo m'nyumba ya 4, awirinu pamodzi m'nyumba ya 6, ndipo palibe njira yomwe ingakusamutseni. Chomwe chikusintha ndi pomwe mwapumira popita kumeneko. Zili ngati anthu awiri ochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, wina wadzera ku Zalewa, wina wazungulira ku Zomba ndi Liwonde. Onse akafika, koma mmodzi yekha ndiye waona phiri la Zomba. 11 ndi malo odutsapo, ndipo kudutsapo kapena kusadutsapo kukudalira msewu womwe wowerengayo wasankha.

Nachisale: Aphunzitsi, apa ndiye ndamva bwino. Ndiye kuti apu ndi cholembera changa sizikutsutsana kwenikweni.

Mphunzitsi Kalua: Pa chotsala chomaliza sizingatsutsane. Zikatsutsana pamenepo dziwani kuti wina waphonya pophatikiza, kapena tsiku lalembedwa mosiyana.

Chikondi wa ku Joni: Ine ndikuona ngati vuto ndi kalembedwe ka deti. Ma apu ambiri ndi a ku Amereka, ndipo kumeneko amayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Ife timayamba ndi tsiku. Ndiye zimasokonekera pamenepo. Ine ndi akazi anga tinawerengera ndipo ineyo zinkangotuluka zosiyana ndi za mu apu mpaka ndinazisiya.

Mphunzitsi Kalua: Achimwene, kuyamba ndi mwezi kapena tsiku sikusintha kanthu pophatikiza, 18+2 ndi 2+18 n'chimodzimodzi. Pomwe pangavute ndi pamene apu yakana deti chifukwa palibe mwezi wa 18. Kodi chaka munkachilemba bwanji papepala?

Chikondi wa ku Joni: Mwachidule, monga timalembera pa fomu. Manambala awiri omalizawo.

Mphunzitsi Kalua: Ndi pamenepo. Kumeneko ndiye kulakwitsa kwenikweni, chifukwa mwataya 19 wa kutsogolo, ndipo 1+9 ndi 10, yemwe amathera pa 1. Yankho lanu limaperewera ndi 1 nthawi zonse. Yesani pa tsiku la a Nachisale: 1+8+2+8+9 ndi 28, kutsika pa 10, kenaka 1. Mwaona, achoka m'nyumba ya 2 kukalowa ya 1. Kwa obadwa kuyambira 2000 yankho limaperewera ndi 2. Chaka chizilembedwa chonse.

Chikondi wa ku Joni: Aa, zoona. Ndabwereza pompano ndi chaka chathunthu, zagwirizana ndi apu. Zikomo aphunzitsi.

Nabanda: Inetu nkhani yanga ndi yowawa kuposa ya a Nachisale, ndipo mwina Bambo Mbewe andimasulira. Amuna anga anabadwa pa 5 Novembala 1986. Tisanakwatirane mnzanga wina anandiwerengera n'kunena kuti ndi 22, womanga wamkulu, munthu woti adzasiya zinthu zooneka. Patapita zaka, nthawi yomwe bizinesi yathu ya matabwa inagwa, munthu winanso anawerengera tsiku lomwelo n'kuti ndi 13, nambala ya ngongole ya moyo wakale, n'chifukwa chake amavutika kawiri kuti apeze chomwe anzawo amapeza mosavuta. Ndinalira usiku umenewo, sindinama. Ndinayamba kuwaona amuna anga ngati munthu wosenza tsoka. Onse awiri owerengawo ankati akugwiritsa ntchito njira ya magawo atatu. Zingatheke bwanji?

Bambo Mbewe: Pepani kwambiri mayi. Zimatheka, ndipo chayambitsa ndi Novembala. M'kati mwa njira ya magawo atatu muli mphambano ina. Novembala ndi mwezi wa 11. Ena amati 11 ameneyu ndi wamkulu kale, asakhudzidwe. Iwo amawerengera 5+11+6, poti 1986 imakwana 24 yomwe imatsikira pa 6, ndipo amapeza 22. Ena amatsitsa chilichonse asanaphatikize, Novembala n'kusanduka 2, ndiye 5+2+6 ndi 13. Kusiyana kwa 22 ndi 13 ndi 9 uja aphunzitsi anena. Mukayala mopingasa tsiku lomwelo likupereka 31, yomwe si yaikulu komanso si ya ngongole, ndi 4 wamba.

Manambala omwe amawatcha a ngongole ndi 13, 14, 16 ndi 19, ndipo ali ndi vuto lofanana ndi la aakulu aja: amaoneka kapena kubisala malinga ndi msewu. Mphambano yomweyi imawapezanso obadwa pa 11, pa 22 ndi pa 29, poti 2+9 ndi 11, komanso obadwa m'chaka chokwana 22 monga 1984 kapena 1993. Mwa olemba odziwika, Hans Decoz amaphunzitsa njira ya magawo atatu, ndipo amati 11 ndi 22 akapezeka m'gawo asiyidwe momwemo. Mwa kawerengedwe kameneko amuna anu ndi 22. Koma chomwe ndikufuna mumve n'chakuti 13 uja sanali chinthu chobisika chomwe wachiwiriyo anachivumbula. Anangosankha kutsitsa Novembala.

Nabanda: Ndikanadziwa zimenezi nthawi imeneyo bwenzi nditapewa mawu ena omwe ndinawayankhula kunyumba. Matabwa aja anagwa chifukwa tinakongoza anthu ambiri osabweza, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Koma 13 atalowa m'mutu mwanga ndinasiya kuona zimenezo.

Mayi Gondwe: Nabanda mwana wanga, mawu akowa ndi omwe ndimafuna atsikana pagulu pano awamve. Ine ndakhala nkhoswe ya maukwati angapo, ndipo sindinaonepo banja lomwe linalimba kapena kutha chifukwa cha tsiku lobadwa. Kutchalitchi kwathu zowerenga manambalazi sitizilola n'komwe, koma sindinabwere kudzalalikira. Ndingofunsa chinthu chimodzi. Ine tsiku lomwe lili pa chitupa changa si lomwe ndinabadwa. Amayi ankangoti ndinabadwa nthawi yokolola, ndipo polembetsa tinangosankha tsiku. Anthu a msinkhu wanga otere ndi ambiri. Ndiye ife nambala yathu ndi iti?

Bambo Mbewe: Funso lolemera limenelo, amayi. Owerenga manambala amati tsiku lenileni lobadwa ndilo lofunika, osati la papepala. Ngati silidziwika, nambala ya moyo siingapezeke, ndipo woona mtima ayenera kunena choncho. Kuphonya ndi tsiku limodzi lokha kumamusamutsa munthu nyumba yonse, 2 n'kukhala 3. Kumeneku n'kusintha kwakukulu kuposa mkangano wathu wa 11 ndi 2. Ngakhale wobadwa pakati pa usiku, amene azamba analemba tsiku lotsatira, ali pa vuto lomwelo.

Yamikani: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati nkhani ndi ya 22, ife tinasankha Loweruka la pa 22 Ogasiti 2026 kukhala tsiku la ukwati chifukwa chomwecho. Manambala ake onse akukwana 22 ndendende. A Nachisale, sankhani tsiku lotere basi, za masiku obadwazo zisakuvuteni.

Nachisale: Achimwene, funso langa silinali la tsiku la ukwati, koma zikomo. Bambo Mbewe, kodi la a Yamikani likupirira njira zonse?

Bambo Mbewe: Mopingasa ndi 22 ndithu: 2+2+8+2+0+2+6. M'magawo atatu, mukasunga 22 wa tsikulo, ndi 22+8+1, kukwana 31. Mosanjikiza ndi 2056, yomwe ikupereka 13. A Yamikani musadandaule nazo, tsiku lake ndi la 22 pa kalendala ndipo zimenezo palibe angazisinthe. Ndangofuna muone kuti masiku opirira njira zonse zitatu ndi ochepa. Chitsanzo ndi mwana wobadwa pa 2 Malichi 2004: mopingasa 11, m'magawo 2+3+6 ndi 11, mosanjikiza 2009, 11 yemweyo.

Mai a Tadala: Chabwino, samu ndaimva. Koma ine ndikuonabe kuti 11 ndi 2 si anthu ofanana. Mchemwali wanga ndi 11, ndipo amamva zinthu zisanachitike, tulo sagona bwino, mtima wake ndi wofewa kwambiri. Munthu wa 2 wamba sakhala choncho. Ndiye a Nachisale adziyang'ane okha, aone ngati ali ndi zizindikiro za 11.

Mphunzitsi Kalua: Apa ndiye ndikutsutsani mwaulemu, mayi. Mukamuuza munthu kuti yang'ana ngati uli ndi mtima wofewa ndiponso ngati nthawi zina umamva zinthu zisanachitike, pafupifupi aliyense adzavomera. Ndani sanalotepo chinthu n'kuchiona chikufanana ndi za mawa lake? Ngati khalidwe ndilo likusankha nambala, ndiye kuti nambalayo sikutiuzanso chatsopano chokhudza khalidwelo. Ndipo palibe umboni wa sayansi woti tsiku lobadwa limaumba mtima wa munthu kapena kulosera za banja lake. Pythagoras yemwe dzina lake limatchulidwa pa zimenezi ankalemekezadi manambala, koma kalendala yomwe tikuphatikizayi iye sanaidziwe, anakhala ndi moyo zaka mazana asanu Yesu asanabadwe.

Bambo Mbewe: Pa mbiriyo aphunzitsi akunena zoona. Kawerengedwe kamene tikukambiranaka kanakula ku Amereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Mayi L. Dow Balliett. Mpaka lero alipo owerenga amene amavomereza 11 ndi 22 okha, 33 amangomutenga ngati 6. Pomwe ndikusiyana ndi aphunzitsi ndi apa: ine manambalawa amandithandiza ngati poyambira kucheza. Ndikakhala ndi anthu awiri n'kunena kuti mabuku amati 2 amafuna mtendere ndi kumvetsetsana, 4 amafuna dongosolo ndi ntchito yooneka, amayamba kukambirana zinthu zomwe sakanaziyamba okha. Sindimuuza munthu kuti kwatira kapena usakwatire chifukwa cha nambala.

Kwa Mai a Tadala ndingowonjezera kuti ngakhale mabuku omwewo salekanitsa 11 ndi 2 kotheratu. N'chifukwa chake amalemba 11/2, 22/4 ndi 33/6. Amati wa 11 ndi 2 yemwe wapatsidwa katundu wolemererapo, ndipo nthawi zambiri amakhala moyo wa 2. Nambala yaikulu saitenga ngati mphoto, amaitenga ngati mtolo.

Mai a Tadala: Mtolo kapena mphoto, mchemwali wangayo ndimamudziwa ine. Pamenepo sindisuntha.

Nachisale: Bambo Mbewe, tsono ndikafuna kutsata zimenezi moona mtima, nditenge njira iti? Ndipo nambala ya awirife imapezeka bwanji, poti ndaona ena akuphatikiza masiku onse awiri mwakamodzi?

Bambo Mbewe: Ine ndimatsata ya magawo atatu, chifukwa magawowo amagwiritsidwanso ntchito powerengera nyengo zitatu za moyo wa munthu, ndiye ndimafuna zonse zichokere pa muzu umodzi. Koma sindinganene kuti enawo ndi olakwa, palibe bwalo lomwe linagamulapo nkhaniyi. Chomwe ndingakupempheni n'chakuti musankhe njira musanaone yankho, muigwiritse ntchito kwa nonse awiri, ndipo muzilemba nambala yodutsapo pamodzi ndi yomaliza. Mwa njira yanga inu ndi 20/2, abambowo 22/4. Mwa njira yanu ya cholembera inu ndi 38/11, abambowo 40/4.

Za nambala ya awiri, kumenekonso kuli misewu. Ena amaphatikiza manambala omaliza, 2+4. Ena amasunga aakulu, monga 2+22. Ena amaphatikiza zonse zisanatsitsidwe, 38+40, kukwana 78, kenaka 15, kenaka 6. Kwa inu yonseyi ikukafika pa 6 osadutsa pa 33. Ndipo mwa matanthauzo awo 6 ndi nambala ya pakhomo, ya kulera ndi kusamalira abale. Munthu wokonzekera chinkhoswe sanayenera kukhumudwa nayo.

Wowerenga aliyense mukamupeza mufunseni zinthu ziwiri asanayambe: mutsitsa bwanji deti, ndipo Novembala ndi tsiku la 29 mumazitani? Akalephera kuyankha, kapena akakana kukuonetsani samu yake papepala, ndalama yanu isungeni.

Nabanda: Ine ndikufunabe kudziwa ngati ndiwauze amuna anga za 13 uja. Sanadziwepo chifukwa chomwe ndinasinthira chaka chimenecho.

Mayi Gondwe: Imeneyo si ya pagulu, mwana wanga. Undiimbire mawa ukaweruka, tikambirane awiri.

Nachisale: Ndawalembera mayi aja kuwafunsa njira yomwe anagwiritsa ntchito. Ayankha kuti iwo amayesa zonse zitatu n'kutenga yomwe mzimu wawalozera, ndipo akuti 33 yathu ndi yeniyeni. Ndawapempha kuti nthawi ina aziwauza anthu zimenezo asanalandire ndalama. Abambowa ndawaonetsa zonse mwalembazi. Afunsa ngati 22 wawo akadalipo, ndawauza kuti alipo m'magawo atatu, koma akatero ine ndikhala 2. Akuti tigwiritse ntchito ya cholembera changa kuti 11 akhale wanga, iwo 4 awakwanira. Amayi anga okha ndiwo sindinadziwe kuti ndikawafotokozera bwanji, poti anauza kale azakhali onse kuti ndife 33.